Chuku cha kuseri kwa bedi: kuchichotsa ndi kuchitsekera njira

Kuno ku Dedza mvula ikakhazikika mu Januwale, makoma a zipinda zogona amayamba kuda. Timadontho takuda timatulukira pakona, kuseri kwa bedi ndi kuseri kwa wodulopu, nsapato zachikopa zimachita zobiriwira, ndipo mukalowa m'chipinda mumalandiridwa ndi kafungo ka chinyezi kamene kamamatirira ngakhale ku zovala zochapa kale. Ambiri amatenga jiki n'kupukuta, khoma limayera, koma pakapita masabata awiri kapena atatu chuku chija chimatulukiranso pamalo omwewo. Jikiyo sikuti ndi wabodza ayi. Amapha chimene chili pamwamba pa khoma, koma madzi amene akudyetsa chukucho amakhala akadalipo. Pa zipinda zimene ndakonzapo, ntchito inagwira pokhapokha titayamba tapeza kumene madziwo akuchokera.

Madera athuwa ali ndi zovuta zake. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo malo ngati Bembeke kapena Tsangano ku Ntcheu amazizira usiku ngakhale pakati pa dzinja. Khoma la njerwa limazizira usiku wonse, masana dzuwa limaoneka pang'ono, chifunga n'kutsika m'phiri. Mpweya wofunda wa m'chipinda ukakhudza khoma lozizira umasiya madzi, monga mmene botolo lochokera m'firiji limachitira thukuta kunja kwake. Pakhoma madziwo sawoneka ngati madontho chifukwa pulasitala amawamwa, koma amakwanira kuti chuku chimere. Chakudya chake sichisowa: fumbi, mafuta a m'manja ndi a m'mutu pamene anthu amatsamira, ngakhalenso penti weniweniyo.

Tsono madzi a pakhoma amabwera m'njira zitatu, ndipo iliyonse imasiya chizindikiro chake. Yoyamba ndi thukuta la m'chipinda limene ndatchulali. Chuku chake chimakhala cha timadontho takuda tomwazikana, chimakonda makona, m'mphepete mwa zenera ndi kuseri kwa katundu, ndipo m'mawa magalasi a zenera amakhala onyowa mkati. Yachiwiri ndi madzi okwera kuchokera pansi. Awa amajambula mzere wokhotakhota, kawirikawiri osapitirira mita imodzi kuchokera pansi, penti amatupa n'kusendeka, ndipo pamatuluka ufa woyera. Ufawo ndi mchere wa m'njerwa ndi m'dothi, si chuku: mukaukanda umayoyoka ndipo mukauthira m'madzi umasungunuka. Yachitatu ndi mvula yolowa kuchokera kunja, kudzera pa mng'alu, pa felemu ya zenera kapena pa msomali wa lata. Banga lake limakula mvula ikangogwa, n'kuchepa kukachita ng'amba.

Maso okha amanamiza, choncho yesani khomalo. Dulani pepala la pulasitiki loonekera mkati, masentimita 30 mbali zonse, pukutani malowo ndi nsalu youma, ndipo mulimate pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi mosasiya mpata. Matani limodzi pamene pali chuku chambiri, lina m'munsi pafupi ndi pansi. Zisiyeni masiku awiri, anthu azigona m'chipindamo monga mwa nthawi zonse, ndipo mukayang'ane m'mawa dzuwa lisanatuluke. Madzi akakhala kunja kwa pepala, mbali yoyang'ana m'chipinda, vuto ndi mpweya wa m'chipindamo. Akakhala mkati, pakati pa pepala ndi khoma, ndiye kuti khomalo likumwa madzi kuchokera pansi kapena kunja. Si zachilendo kupeza zonse ziwiri m'chipinda chimodzi.

Nditenge chitsanzo cha chipinda china chimene chinali ndi mavuto onse awiri, m'nyumba ya njerwa zootcha, yofolera malata, yokhala ndi siling'i. Kukula kwake mamita 3 ndi 3.5, mumagona anthu awiri ndi kamwana. Bedi linali litagunda khoma lakunja, wodulopu ili pakona, pansi pa bedi pali masutikesi, ndipo kukona ina kunali matumba atatu a chimanga osanjikizidwa pasimenti atatsamira khoma, poopa akuba kunkhokwe. Pakati pa chipinda panadutsa chingwe choyanikapo matewera ndi zovala mvula ikavuta. Mabowo awiri a mpweya amene ali pamwamba pa zenera anali otsekedwa ndi nyuzipepa kuyambira chisanu cha mu Juni, ndipo palibe anakumbukira kuzichotsa. Pepala la kuseri kwa bedi linanyowa kunja. La m'munsi pakona linanyowa mkati, ndipo titazungulira kuseri kwa nyumba tinapeza kuti dothi la bedi la maluwa launjikidwa kukhoma mpaka kukwirira mzere wa pulasitiki wakuda amene amisiri amayala pamwamba pa maziko. Madzi a padenga ankagwera pomwepo.

Tinayamba ndi kunja, chifukwa kutsuka khoma limene likumwabe madzi ndi kutaya jiki. Dothi lija tinalichotsa mpaka pulasitiki wa pamaziko atakhala pamwamba pa nthaka ndi masentimita 15, amene ndi pafupifupi mizere iwiri ya njerwa. Nthaka tinaisalaza kuti itsetserekere kutali ndi nyumba, ndipo pamene madzi a malata amagwera tinakumba kangalande n'kuyalamo miyala kuti madzi asamadumphire kukhoma. Mukafuna kudziwa ngati madzi amadumphira, onani khoma kunja: limakhala ndi matope othimbirira mpaka m'mawondo, nthawi zina ndi ndere zobiriwira. Amene angakwanitse amange kakhonde kasimenti kozungulira nyumba, kotambalala masentimita 60 kapena kuposa, kopendekera kunja. Kakhonde kopendekera kukhoma n'koipa kuposa kusakhala nako, ndipo ndakaona kambiri.

Kutsuka kumafuna tsiku limene kwacha bwino, ndipo muyambe m'mawa kuti khoma lipeze maola ouma. Tulutsani matiresi, zofunda, makatani ndi zovala zonse. Tsegulani zenera, koma chitseko cholowera m'nyumba mutseke kuti fumbi la chuku lisafalikire zipinda zina. Valani magolovesi a labala, chophimba pakamwa ndi mphuno, ndi zovala zakale poti jiki amawaula nsalu. Ana, amayi oyembekezera, odwala mphumu kapena chifuwa chachikulu, ndi aliyense amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chotsika asakhale pafupi, ndipo asakhale iwo otsuka.

Musayambe ndi kupala kapena kusesa khoma louma. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa: amatenga bulashi yawaya kapena tsache, n'kuulutsa njere za chuku chipinda chonse, zina n'kuzipuma. Yambani ndi madzi ofunda a sopo waufa, supuni ziwiri zazikulu mu malita 5. Nyowetsani nsalu, finyani, ndipo muzipukuta kuchokera m'mphepete mwa banga kulowera pakati, mukutembenuza nsaluyo ikada. Pamene pakakamira gwiritsani bulashi yochapira. Mukatero pukutani ndi madzi oyera kuti sopo achoke. Kutsuka koyambaku n'kofunika chifukwa jiki akakumana ndi litsiro mphamvu yake imathera pa litsirolo asanafike pa chuku.

Kenako sungunulani jiki. Werengani pabotolo: wamba wa m'magolosale nthawi zambiri amalembedwa 3.5%. Wotereyu muthire kapu imodzi mu makapu asanu a madzi ozizira. Madzi otentha amamuwononga ndipo amatulutsa nthunzi yotsamwitsa. Pa chipinda chija, malo akuda anali pafupifupi mamita 3.5 m'litali ndi kupitirira pang'ono mita imodzi kukwera, ndipo theka la lita la jiki mu malita awiri ndi theka a madzi linakwana n'kutsalako. Pakani ndi siponji kapena nsalu, osati kupopera, mupitirire malire a banga ndi theka la mita mbali zonse chifukwa chuku chimakhala chitafika kale kumene maso sakuona. Khoma likhale lonyowa mphindi 10 mpaka 15, pouma msanga mubwerezepo, kenako mupukute ndi madzi oyera ndi kuumitsa ndi nsalu. Jiki wosasungunula sapha bwino kuposa uyu. Amangodya penti, kuwotcha manja ndi kuchititsa dzimbiri felemu za zenera. Wosungunula amene watsala mutaye, sagona mpaka mawa ali ndi mphamvu yake.

Ena amakonda viniga woyera, makamaka m'nyumba mmene muli wodwala mphumu amene fungo la jiki limamuvuta. Viniga amapakidwa wosasungunula, n'kusiyidwa ola limodzi musanapukute. Sayeretsa banga msanga ngati jiki, ndipo pakhoma lopaka laimu sathandiza chifukwa laimuyo amathetsa kuwawasa kwake. Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musasakanize jiki ndi viniga, kapena ndi mankhwala otsukira chimbudzi, kapena ndi china chilichonse kupatula madzi. Zikakumana zimatulutsa mpweya wa kolorini umene umawotcha maso ndi mapapo, ndipo m'chipinda chaching'ono munthu akhoza kukomoka. Sankhani chimodzi. Ngati mukufuna kuyesa chinacho, tsukani khoma ndi madzi, liume, papite tsiku.

Nsalu ndi siponji zimene mwagwiritsa ntchito muzimange m'jumbo n'kutaya. Matiresi ayanikeni padzuwa mbali zonse ziwiri. Ngati chuku chalowa mkati mwa siponji ya matiresi ndipo fungo silikutha mutayanika kangapo, matiresiwo atha ntchito, makamaka ngati amagonapo mwana. Musaiwale kuseri kwa wodulopu: kabolodi kopyapyala ka kumbuyo kamagwira chuku kuposa khoma lenilenilo, ndipo mukakabwezera osatsuka mwabwezera mbewu.

Tsopano pamabwera chimene chimavuta anthu kupirira, kudikira kuti khoma liume. Pamwamba pamauma tsiku limodzi kapena awiri, koma mkati mwa pulasitala ndi njerwa mumatenga masabata, ndipo khoma limene linamwa madzi kuchokera pansi likhoza kudikira mpaka mvula itatha. Musapake penti pa nthawi imeneyi. Bwerezani kuyesa ndi pepala la pulasitiki lija: likakhala louma mkati patatha masiku awiri, khomalo lakonzeka. Ena amalowetsa mbaula kuti iumitse chipinda. Ngati mwatero, zikhale masana, zenera lili lotsegula, muli wopanda munthu, ndipo muitulutse chipinda chipitidwe mphepo anthu asanalowe kukagona. Utsi wa makala umene umapha suoneka ndipo sununkha. Mbaula isagone m'chipinda chogona, kuzizire bwanji.

Pamene penti anatupa, palani wosendekayo khoma lili lonyowetsedwa pang'ono. Gogodani pulasitala ndi chala kapena chogwirira cha mpeni: wabwino amalira molimba, wosiyana ndi njerwa amalira ngati mkati muli mphako, ndipo wowonongeka ndi mchere amafumbutuka. Wotereyu amagumulidwa mpaka masentimita 30 kupitirira mzere wa chinyezi, njerwa n'kusiyidwa poyera kuti ziume, kenako n'kupakanso pulasitala wa muyezo umodzi wa simenti pa miyezo isanu ya mchenga wakumtsinje wosefa bwino. Ntchito imeneyi ndi ya mu Ogasiti kapena Seputembala, osati ya pakati pa dzinja. Pulasitala watsopano mumpatse masabata anayi musanapake kanthu. Mchere woyera uja musautsuke ndi madzi, chifukwa umasungunuka n'kubwerera m'khoma. Ukauma ingoupukutani ndi bulashi youma, mutatsimikiza kuti chuku chinachoka kale.

Pa nkhani ya penti, maganizo anga ndi awa. Penti wa oyilo pakhoma lachinyezi ndi msampha. Amawala bwino mwezi woyamba, koma amatsekera madzi mkati, kenako amatupa matuza n'kusendeka zikutuzikutu, chinyezi n'kukwera pamwamba pa pamene walekezera. Penti wamadzi amalola khoma kupuma, koma wotchipa kwambiri amagwira chuku msanga. M'masitolo a zomangira muli penti wolembedwa kuti amaletsa chuku, ndipo amathandizadi pa khoma limene lauma, koma sangagonjetse khoma limene likumwa madzi. Pa pulasitala wosapakapo penti, laimu amachita bwino kuposa mmene anthu amamuganizira. Ndi wotchipa, khoma limapuma, ndipo ukali wake umalepheretsa chuku kumera. Sakanizani muyezo umodzi wa laimu waufa ndi miyezo itatu ya madzi, agone usiku, m'mawa muvundule ndi kusefa pa kansalu. Nyowetsani khoma pang'ono, pakani mopyapyala, ndipo musadabwe akamaoneka ngati madzi chabe, amayera akauma. Pakani katatu, tsiku limodzi pakati. Mukapaka wokhuthala kuti muthane nazo kamodzi, amang'aluka n'kumayoyokera pa zofunda. Tetezani maso ndi manja chifukwa amawotcha. Malire ake ndi awiri: sagwira pamwamba pa penti wa oyilo kapena penti wosalala, ndipo ukali wake umatha pang'onopang'ono, choncho amafuna kubwereza chaka ndi chaka mvula isanayambe.

Kuti chuku chisabwerere, chipinda chiyenera kusintha kakhalidwe, ndipo apa ndi pamene chipinda chija chinapulumukira. Munthu wamkulu mmodzi akagona usiku wonse amatulutsa madzi opitirira kapu imodzi kudzera mu mpweya ndi thukuta. Zovala zodzaza beseni, zofinyidwa ndi manja, zimasiya lita imodzi kapena awiri m'chipinda pamene zikuuma. Madzi onsewa, zenera ndi mabowo zili zotseka, alibe kopita koma kukhoma lozizira kwambiri. Choncho nyuzipepa zija zinachoka m'mabowo, m'malo mwake tinamatapo kawaya ka sefa kotchinga udzudzu. Chingwe choyanikira chinasamukira pakhonde. Bedi tinalisunthira kukhoma lamkati, lomwe silizizira ngati lakunja, ndipo wodulopu tinaisiyira mpata wa masentimita 10 kumbuyo, woti dzanja lilowe momasuka. Masutikesi a pansi pa bedi anachoka kuti mphepo izidutsa. Matumba a chimanga anapita chipinda china, pa matabwa okwezedwa ndi njerwa, osakhudza khoma. Izi zimateteza chimanga chomwe, chifukwa thumba lotsamira khoma lonyowa limayamba chuku mbali imeneyo ndipo chimanga chachuku si chakudya. Mbatata ya kachewere nayo isasungidwe kuchipinda chogona: imapuma ndipo imatulutsa chinyezi.

Ambiri amaopa kutsegula zenera m'dzinja poganiza kuti chinyezi chilowa. M'mawa anthu akangodzuka, mpweya wa m'chipinda chimene chagonedwa umakhala ndi madzi ambiri kuposa wakunja wozizirawo, choncho kutsegula kumatulutsa madzi. Tsegulani zenera pamodzi ndi chitseko kwa theka la ola kapena kuposerapo kuti mphepo idutse, pukutani madzi a pagalasi ndi pa felemu, funyululani zofunda m'malo moyala bedi nthawi yomweyo, ndipo makatani muwakokere kumbali. Nthawi yabwino kwambiri ndi pamene dzuwa laoneka, chakumasana. Tsekani pokhapokha mvula ikuwombera mkati kapena chifunga chakuta nyumba. Ngati mumachoka m'mawa n'kukhoma nyumba tsiku lonse, mabowo a mpweya aja ndiwo chipulumutso chanu, ndipo zitseko za zipinda muzisiye zotsegula. Nthambi za mtengo zimene zaphimba khoma la kuchipinda zisadzidwe kuti dzuwa lizifikapo.

Nyumba ya zidina yomata ndi dothi imafuna dzanja lina. Musathirepo madzi ambiri, khoma limasungunuka. Nyowetsani pang'ono pamwamba, palani dothi lakudalo n'kukataya kutali, liume, kenako mumate latsopano tsiku la dzuwa. Chitetezo chake chenicheni ndi denga lotuluka bwino kunja ndi khonde lokwera. M'nyumba ya malata yopanda siling'i, madontho amene amagwa mbandakucha kunja kulibe mvula si kudontha kwa denga, ndi thukuta la malata ozizira, ndipo mankhwala ake ndi mpata wa mpweya pakati pa khoma ndi denga. Kudontha kwenikweni kumaoneka pa nthawi ya mvula, pansi pa msomali kapena pamene malata alumikizana, ndipo bolodi ya siling'i imene yanyowa n'kuda mpaka mkati siitsukika, imasinthidwa.

Amene mukuchita lendi mukhoza kuchita zonse za mkati popanda kupempha: kutsuka, kusuntha katundu, kutsegula mabowo. Koma pepala lija likanyowa mkati, vutolo ndi la nyumba, ndipo muwaonetse eni nyumba pepalalo pamodzi ndi mzere wa pakhoma musanawononge ndalama zanu pa penti. Pali nyumba zina zimene zinamangidwa popanda pulasitiki wa pamaziko n'komwe. Zoterezi ngalande ndi kakhonde zimachepetsa vuto koma sizilithetsa, ndipo khomalo limafuna laimu, osati penti, ndi katundu kutali nalo.

M'chipinda chija kuseri kwa bedi sikunadenso dzinja limenelo. Pakona ya m'munsi panatulukabe mchere mpaka mvula itatha, ndipo pulasitala wa pamenepo anagumulidwa ndi kubwezeretsedwa mu Seputembala. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, kamodzi pa sabata tengani tochi muunike m'makona ndi kuseri kwa wodulopu, mugwire khoma ndi kuseri kwa dzanja. Timadontho tikangoyamba, tipukuteni tsiku lomwelo ndi jiki wosungunula uja, kapu imodzi pa makapu asanu. Tikabwerera pamalo omwewo pasanathe mwezi, matanipo pepala la pulasitiki kachiwiri, chifukwa pali madzi amene simunawapeze.